Kuwerenga fomu ya sukulu ndi ya viza ya ku Jeremani: dzina, dziko ndi mapepala

Amalawi amene akufunsira malo m'mayunivesite a ku Jeremani nthawi zambiri amadutsa pa makomo awiri. Loyamba ndi la bungwe la uni-assist, limene limawunika masatifiketi a maiko akunja m'malo mwa mayunivesite ambiri, ndipo lachiwiri ndi la viza, imene kuyambira mu Januwale 2025 ikhoza kufunsiridwa pa intaneti kudzera pa Auslandsportal, tsamba la unduna wa zakunja wa Jeremani. Masamba amenewa ali ndi posankha Chingerezi, ndipo ndi bwino kuyang'ana kachizindikiro ka EN musanalembe kanthu. Komabe Chijeremani sichitheratu, chifukwa masamba a mayunivesite ena, makalata amene amakutumizirani ndiponso mafomu a ofesi yoona za alendo mumzinda umene mudzakhale amabwera m'chinenero cha eni dziko. Choyenera kugwiritsitsa n'chakuti bokosi lililonse likufunsa zimene zalembedwa pa chikalata china chake, osati zimene inu mumadziwa za moyo wanu, choncho pasipoti ndi masatifiketi zikhale pa tebulo pamene mukudzaza.

Tiyerekeze mayi amene anabadwira ku Bulawayo kwa makolo a ku Malawi, anabwerera kumudzi ali mwana, analemba mayeso a MSCE ku Zomba, anakwatiwa n'kutenga dzina la mwamuna wake, ndipo tsopano akukhala ku Johannesburg ndi pasipoti ya Malawi. Moyo wotere si wachilendo pakati pathu, koma pa fomu umafuna kusamala kwambiri.

Pa maina adzapeza mabokosi atatu. Familienname ndi dzina la banja monga lilili pa pasipoti lero, Geburtsname ndi dzina la banja limene anabadwa nalo, ndipo Vorname(n) ndi maina onse oyamba, kuphatikizapo lapakati limene mwina saligwiritsa ntchito. Ngati mukukayika kuti dzina liti lipite pati, yang'anani mizere iwiri ya m'munsi mwa tsamba la chithunzi pa pasipoti. Mzere woyamba uli ndi zilembo za MWI, kenako dzina la banja, kenako zizindikiro ziwiri za << zimene zikulekanitsa dzinalo ndi maina oyamba. Zonse zimene zili pakati pa MWI ndi zizindikirozo ndi Familienname, ndipo zakumanja ndi Vorname(n). Mayi wathu asasiye Geburtsname popanda kanthu, chifukwa satifiketi yake ya ku MANEB ili ndi dzina la bambo ake pomwe pasipoti ili ndi la mwamuna wake, ndipo wowunika amene sanamuonepo alibe njira ina yodziwira kuti ndi munthu mmodzi kupatula bokosi limeneli ndi chikalata cha ukwati.

Vuto lalikulu lili pa maiko, chifukwa fomu imafunsa dziko kangapo ndipo funso lililonse n'losiyana ndi linzake. Geburtsland ndi dziko lobadwira, ndipo kwa mayiyu ndi Zimbabwe. Staatsangehörigkeit ndi unzika, kutanthauza dziko limene linapereka pasipoti, ndipo apa yankho ndi Malawi ngakhale atakhala kuti wakhala ku South Africa zaka zambiri. Wohnsitz ndi kumene akukhala tsopano, ndipo yankho limeneli ndi limene limasonyeza ofesi ya kazembe yoyenera kulandira pempho lake: popeza akukhala ku South Africa, adzafunsira kumeneko ndipo adzayenera kusonyeza chilolezo chokhalira m'dzikomo chimene sichinathe ntchito. Amene akukhala popanda chilolezo asayembekezere kuti kulemba adiresi ya ku Johannesburg pa fomu kudzakwanira. Pa fomu ya sukulu pali funso lachinayi, la dziko limene anapezera Hochschulzugangsberechtigung, ndiko kuti maphunziro amene akumupatsa ufulu wolowa yunivesite, ndipo apa abwerera ku Malawi. Ngati maphunzirowo ndi okwanira kapena ayi ndi nkhani yoyenera kuifufuza m'nkhokwe ya pa intaneti ya anabin, imene imasonyeza mmene Jeremani imaonera masatifiketi a maiko akunja, musanalipire, popeza uni-assist imalipiritsa mayuro 75 pa pempho loyamba ndi mayuro 30 pa lililonse lowonjezera, ndipo kuwunikako kumalipiridwa ngakhale yankho likhale lokana.

Mndandanda wa maiko umene umatsika mukadina pa bokosi umatsatira kalembedwe ka Chijeremani. Zimbabwe simudzaipeza pa Z ayi, ili pa S ngati Simbabwe, pafupi ndi Sambia, pomwe South Africa ndi Südafrika, Mozambique ndi Mosambik, ndipo Britain kawirikawiri ili pa Vereinigtes Königreich kapena Großbritannien. Malawi sasintha, koma ali moyandikana ndi Malaysia, Malediven, Mali ndi Malta, ndipo pa foni chala chimaterereka mosavuta. Pamafomu ena unzika umalembedwa ngati malawisch, umene diso lotopa likhoza kuusokoneza ndi malaysisch kapena malisch. Mukasankha, chotsani chala ndipo muwerenge chimene chatsalira m'bokosimo.

Pa Familienstand, mawu akuti ledig akutanthauza amene sanakwatirepo kapena kukwatiwapo chibadwire, choncho amene banja linatha asankhe geschieden, wamasiye asankhe verwitwet, ndipo wapabanja asankhe verheiratet. Pa mtundu wa pasipoti, munthu wamba asasankhe Dienstpass kapena Diplomatenpass, chifukwa amenewo ndi a oyenda pa ntchito za boma. Masiku amalembedwa TT.MM.JJJJ, tsiku poyamba monga kwathu, koma manambala ndi amene amasiyana: kadontho kamalekanitsa masauzande, kotero 11.904 pa nkhani ya Sperrkonto, akaunti yotsekedwa yosonyeza ndalama zodzisamalira, ndi mayuro 11,904 m'kalembedwe kathu. Chiwerengerochi chinayamba kugwira ntchito mu 2024 ndipo chimasintha, choncho chitsimikizeni pa tsamba la kazembe.

Pofika pokweza mapepala, pamene palembedwa Datei hochladen, werengani kaye timawu tating'ono ta pambali. Dateiformat ikunena mtundu wa fayilo, nthawi zambiri PDF kapena JPG, ndipo maximale Dateigröße ikunena kukula kumene simuyenera kupitirira. Malirewo amasiyana pa tsamba lililonse. Ngati palembedwa 2 MB ndipo fayilo yanu ndi 3500 KB, yapitirira, chifukwa 1 MB ndi pafupifupi 1000 KB. Ijambuleninso pa sikana pa 150 kapena 200 dpi, kenako muikulitse pa kompyuta kuti muone ngati chidindo, siginecha ndi magiredi zikuwerengekabe. Zithunzi zimene achibale atumiza pa WhatsApp kuchokera kumudzi zimafika zitafinyidwa ndipo zilembo zazing'ono zimafufutika, choncho apempheni kuti akajambulitse pa sikana n'kutumiza ngati chikalata kapena pa imelo. Mafoni a iPhone amasunga zithunzi ngati HEIC, mtundu umene masamba ambiri amaukana, ndipo sitetimenti ya banki yotsekedwa ndi mawu achinsinsi ikhoza kukwera bwinobwino koma wowunika n'kulephera kuitsegula.

Mawu akuti Vorder- und Rückseite akufuna kumaso ndi kumbuyo komwe, ndipo pamene bokosi likulandira fayilo imodzi yokha, masamba onse aphatikizidwe mu PDF imodzi. Masatifiketi a m'Chingerezi uni-assist imawalandira osamasulira, koma mukaona beglaubigte Kopie, akufuna kope lotsimikizidwa ndi ofesi yovomerezeka, ndipo tsamba lomwelo limanena maofesi amene chidindo chawo chimalandiridwa.

Batani la Speichern limangosunga zimene mwalemba, Weiter limakupititsani pa tsamba lotsatira, koma pempho limapita pokhapokha mukadina Absenden kapena Einreichen ndipo mwalandira imelo yotsimikizira. Mapulogalamu ambiri amatseka pa 15 Julaye ndi pa 15 Januwale, ena kale kuposa pamenepo, ndipo fomu yongosungidwa pa tsiku limenelo imawerengedwa ngati sinatumizidwe. Asanadine, mayi wathu ayike pasipoti pambali pa tsamba lachidule n'kufananitsa maina atatu aja, mayankho anayi a maiko ndi nambala ya pasipoti, chilembo ndi chilembo, makamaka 0 ndi O.