Mankhwala a codeine paulendo wa ku Dubai

Abale amene mukupita ku Dubai kapena kungodutsako, onani pa bokosi la mapiritsi anu a ululu musanalongeze. Co-codamol ndi paracetamol wosakaniza ndi codeine, ndipo ku UAE, dziko lomwe kuli mzinda wa Dubai, mankhwala a ululu a codeine ndi tramadol ali m'gulu la mankhwala oyang'aniridwa mwamphamvu. Munthu akhoza kumangidwa nawo pabwalo la ndege.

Pemphani adokotala akulembereni kalata ya Chingerezi yotchula dzina lanu monga lilili mu pasipoti, dzina la mankhwala, mlingo wake ndi masiku omwera. Kalatayo muitumize limodzi ndi pulesikilipishoni popempha chilolezo cha boma la UAE pa intaneti, ulendo usanafike.

Chimene chimandidetsa nkhawa ndi chizolowezi chathu chokhuthulira mapiritsi m'kapepala ka pulasitiki kopanda dzina. Asiyeni m'bokosi lawo, muwaike m'chikwama chapamanja. Ndipo musanyamulire wina, ngakhale atakhala amalume anu.