Momwe mungasinthire kadyedwe pang'onopang'ono: yambirani pa shuga wa mutiyi

Amene auzidwa kuchipatala kuti asinthe kadyedwe nthawi zambiri amafika kunyumba n'kusiya zonse tsiku lomwelo: shuga, mchere, zokazinga, nsima n'kuchepetsanso. Sabata isanathe njala imawagonjetsa, n'kubwerera mwakale. Njira yomwe imagwira ndi yosintha chinthu chimodzi, kudikira mpaka chizolowereke, kenako n'kutenga china.

Choyamba, sankhani chinthu chomwe mumachita tsiku lililonse pa nthawi yofanana, ndiponso chomwe mungathe kuchiwerenga. "Ndizidya bwino" palibe amene angakuwerengereni. Masupuni a shuga amawerengeka. N'chifukwa chake ine ndimati tiyi wam'mawa ndiye poyambira pabwino, makamaka kuno ku Angonia ndi ku Tsangano kumene kuzizira kwa Juni ndi Julaye kumatimwetsa tiyi kawiri patsiku.

Musanasinthe kalikonse, tengani masiku atatu mukungowerenga. Tiyerekeze bambo woyendetsa njinga yamoto pa Ulongwe. Amamwa makapu awiri patsiku, kapu iliyonse masupuni atatu. Kasupuni ka tiyi kosasefukira kamatenga shuga pafupifupi magalamu 4, ndiye pa tiyi pokha afika magalamu 24. Masana akagula chakumwa chozizira cha mamililita 330, umo muli magalamu ena pafupifupi 35. Onse pamodzi ndi 59, pomwe bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati shuga wotereyu kwa munthu wamkulu asapitirire magalamu pafupifupi 50 patsiku. Ndipo tikunena za supuni yosasefukira. Ambirife timatapa ndi phiri pamwamba.

Tsopano chepetsani, koma pang'onopang'ono. Bambo uja achotse theka la supuni pa kapu iliyonse, akhale pa masupuni awiri ndi theka kwa masabata awiri. Masiku oyamba tiyi amamveka wosakoma, lilime limadandaula. Likasiya kudandaula, achotsenso theka lina. Akapitiriza chonchi, pakatha miyezi iwiri adzakhala akuyandikira supuni imodzi. Chakumwa chamasana chija asachikhudze kaye, nthawi yake ikubwera.

Pali kanthu kena kamene kamathandiza kuposa kulimba mtima. Ikani supuni imodzi yomweyo m'chitini cha shuga, ndipo thirani nokha m'kapu yanu. M'nyumba zambiri mayi amathira shuga m'ketulo momwemo kuti akwanire onse, choncho simungadziwe kuti mwamwa wochuluka bwanji. Kambiranani kuti tiyi azibwera wopanda shuga, aliyense azithira yekha. Lembaninso tsiku pa paketi mukamaitsegula. Ngati paketi ya kilogalamu ikutha msanga ngati kale, ndiye kuti penapake supuni ikusefukirabe.

Mudzadziwa bwanji kuti chizolowezi chakhazikika? Ndi pamene dzanja likuthira mlingo watsopano inu musakuganizako, komanso tiyi wa kwa anzanu wayamba kukutsekemerani mopyola. Zimatenga nthawi. Kafukufuku wa Phillippa Lally ndi anzake ku University College London adapeza kuti anthu ankatenga masiku pafupifupi 66 kuti chizolowezi chatsopano chikhazikike, ena 18 okha, ena mpaka 254. Adapezanso kuti kuphonya tsiku limodzi sikuwononga zonse. Mukapita kumaliro kapena kuukwati n'kumwa tiyi wothiridwiratu, mawa lake ingopitirizani pomwe mudalekezera, osayambiranso pachiyambi.

Chomwe chimasokoneza kawirikawiri ndi kubwezera. Munthu wachepetsa shuga mutiyi, koma pofika 10 koloko wagula mandasi awiri. Mukaona zimenezi, vuto si shuga ayi, ndi chakudya cham'mawa chomwe sichikukhalitsa m'mimba. Onjezani mbatata yophika, kapena phala lothira nsinjiro.

Tiyi akakhazikika, tengani chachiwiri. Kwa bambo uja ndi chakumwa chamasana: madzi m'malo mwake Lolemba ndi Lachinayi kaye, masiku ena pambuyo. Amene ali ku mzinda wa Tete kapena ku Moatize, komwe kutentha kumamwetsa munthu chilichonse chozizira, angaviike malambe m'madzi, kapena kutafuna masau nyengo yake ikafika, bola asathiremonso shuga wambiri. Chachitatu chingakhale mchere wowonjezera patebulo, poti WHO imati mchere wonse womwe munthu wamkulu amadya usafike magalamu 5 patsiku, kapena kuonetsetsa kuti nsima yamadzulo ili ndi chisoso, nkhwani kapena khwanya pambali.

Odwala matenda a shuga amene ali pa mankhwala, amayi oyembekezera ndi ana owonda asachepetse chakudya paokha. Ayambe afunsa kuchipatala, chifukwa kwa wodwala amene akumwa mankhwala shuga wam'magazi angatsike kwambiri mpaka kukomoka.