Momwe mungawerengere ndalama za inshuwalansi ya galimoto musanasaine kuti mwalandira

Alamu anga anabwera kwathu madzulo ena ndi envelopu yakhaki, nkhope ili gwa. Sienta yawo inagundidwa kutsogolo, ku galaja anawalembera koteshoni ya K4,600,000, koma kalata yochokera ku kampani ya inshuwalansi inati awapatsa K2,400,000. Mawu awo oyamba anali akuti, "Alamu, anthuwa andibera." Tinayala mapepala onse pa tebulo, tinatenga bolopeni ndi kakyuleta ya pa foni, n'kuyamba kutsatira ndalama iliyonse kumene inalowera. Tinapeza kuti zambiri zomwe anadula zinali m'chikalata chomwe alamuwo anasaina okha, koma K300,000 anadula molakwika. Njira yomwe tinatsata ndi imeneyi, ndipo ndigwiritsa ntchito ziwerengero zawo zomwezo.

Yambani ndi mapepala

Musakangane ndi munthu pa foni mulibe pepala m'manja. Mufunika chikalata cha inshuwalansi chonse, makamaka tsamba loyamba lija lolembedwa dzina lanu, nambala ya galimoto, mtengo womwe munaiikira ndi ma ekisesi, omwe ndi ndalama zomwe mumalipira nokha pa ngozi. Mufunikanso koteshoni ya ku galaja, lipoti la apolisi, lipoti la asesa, yemwe ndi katswiri wotumidwa ndi kampani kukaona kuwonongeka, ndiponso kalata yosonyeza momwe awerengera ndalama zanu. Nthawi zambiri amangotumiza chiwerengero chomaliza. Lembani kalata kapena imelo yopempha kuti akupatseni mzere ndi mzere, komanso lipoti la asesa. Ngati munadula inshuwalansi kudzera kwa bulooka, yemwe ndi mkhalapakati wa inu ndi kampani, ntchito yokutengerani mapepalawa ndi yake.

Gawo loyamba: zomwe asesa wavomera

Kampani siyambira pa koteshoni yanu, imayambira pa zomwe asesa wavomereza. Ikani mapepala awiriwa pamodzi, muyende ndi chala chinthu chimodzi chimodzi. Kwa alamu anga, asesa anachotsa bampa ya kumbuyo ya K250,000 chifukwa inali yophwanyika kale ngozi isanachitike, ndipo alamuwo anavomera kuti inagunda chipata chaka chatha. Anachepetsanso malipiro a amakaniko ndi K150,000. Pamenepo K4,600,000 inatsika kufika pa K4,200,000.

Chomwe muyang'anitsitse apa ndi zinthu zomwe zinawonongekadi pa ngoziyo koma asesa sanazione, monga zamkati zomwe zimaonekera galimoto ikamasulidwa. Zikapezeka, a ku galaja asapitirize kukonza. Aitanitse asesa adzaonenso, alembe lipoti loonjezera. Mukakonza mwakachetechete n'kupita ndi lisiti pambuyo pake, kawirikawiri amakana.

Gawo lachiwiri: kudula chifukwa cha kutha kwa zinthu

Inshuwalansi imakubwezerani pomwe munali ngozi isanachitike, osati kukuikani pabwino kuposa kale. Ngati tayala lanu linali litayenda theka la moyo wake, ndiye akugulirani latsopano, ndiye kuti mwapindula theka, ndipo theka limenelo amafuna mulipire nokha. Izi ndi zomwe amazitcha dipulisiyeshoni. Pa galimoto zimagwera kwambiri zinthu zomwe zimatha ndi kuyenda, monga matayala ndi batire.

Matayala awiri a alamu anga anali K300,000 ndipo anadula theka, K150,000. Batire inali K150,000 ndipo anadula gawo limodzi mwa atatu, K50,000. Zonse pamodzi K200,000, kutsala K4,000,000.

Funsani mafunso awiri. Kodi mlingo umenewu autenga pati, m'chikalata kapena m'mutu mwa asesa? Nanga audula pa chiyani? Malipiro a amakaniko sakalamba, choncho mukaona adulanso pamenepo, funsani ndime ya m'chikalata yomwe ikuwalola kutero. Ndipo ngati batire munagula miyezi iwiri yapitayo, lisiti lake ndi ndalama. Ichi n'chifukwa chake ine malisiti a zipangizo za galimoto ndimasunga m'kabokosi ka kutsogolo kwa mpando.

Gawo lachitatu: mtengo womwe munaiikira galimoto

Apa ndi pomwe panapita ndalama zambiri, ndipo ndi pomwe anthu ambiri sadziwa n'komwe. Podula inshuwalansi mumatchula mtengo wa galimoto, womwe pa chikalata amautcha samu inshuwadi, ndipo ndalama zomwe mumalipira chaka chilichonse amawerengera pa mtengo umenewo. Mtengowu uli ndi ntchito ziwiri. Yoyamba, ndi denga: kampani singakupatseni zoposa pamenepo pa kuwonongeka kwa galimoto yanu. Yachiwiri, ngati chikalata chanu chili ndi ndime yotchedwa avereji, amauyerekeza ndi mtengo weniweni wa galimotoyo pa msika pa tsiku la ngozi. Mukakhala kuti munaiikira wochepa, amati gawo lotsalalo munali mukudzisenzera nokha, ndiye nawonso amalipira gawo lawo lokha.

Kawerengedwe kake ndi aka: tengani ndalama zowonongeka, muchulukitse ndi mtengo womwe munaiikira, kenako mugawe ndi mtengo wa pa msika. Alamu anga anaiikira K12,000,000. Asesa anati Sienta yotero pa tsikulo imagulidwa K16,000,000. Ndiye kuti anali ndi inshuwalansi ya magawo atatu mwa anayi. Magawo atatu mwa anayi a K4,000,000 ndi K3,000,000. Miliyoni yathunthu inapita pa mzere umodzi wokha.

Alamuwo sananame podula inshuwalansi. Mtengo anatchula unali woona nthawi imeneyo, koma chaka chilichonse ankangolipira pa chiwerengero chakale chomwecho. Ife tinakula tikudziwa kuti galimoto ikamakalamba mtengo umatsika. Kuno kwathu zinatembenuka: kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo magalimoto ochokera ku Japan pamodzi ndi zipangizo zake anakwera mtengo mu kwacha ngakhale akukalamba. Munthu amene sanasinthe chiwerengero chake kuyambira nthawi imeneyo mwina akuyenda ndi inshuwalansi yoperewera osadziwa. Zimandipweteka kuti ambiri amazimva izi koyamba tsiku lolandira ndalama, pomwe kufotokozera munthu pa tsiku lodula kumangotenga mphindi ziwiri.

Onani kaye ngati ndime ya averejiyo ilimodi m'chikalata chanu. Ngati mulibe, asadule. Ngati ilimo, chomwe mungatsutse ndi mtengo wa pa msika. Funsani asesa anautenga kuti, ndipo pezani mitengo yolembedwa kuchokera kwa ogulitsa magalimoto awiri kapena atatu, ya mtundu womwewo, chaka chomwecho, mtunda woyenda wofanana. Kusiyana kwake si kwamasewera. Galimotoyo ikanakhala ya K15,000,000, gawo la kampani likanakhala anayi mwa asanu, K3,200,000 m'malo mwa K3,000,000. Ife tinafunsa m'malo angapo ndipo mitengo inazungulira pa K16,000,000 pomwepo, choncho tinasiya.

Gawo lachinayi: ekisesi

Ekisesi ndi gawo loyamba la chiwonongeko lomwe mumalipira nokha pa ngozi iliyonse. Ena amalemba ndalama yokhazikika, ena amalemba peresenti yokhala ndi malire a pansi. Ya alamu anga inali 10 peresenti ya ndalama zoyenera kulipidwa, koma osachepera K150,000. Tanthauzo lake n'lakuti amatenga chachikulu pa ziwirizo: pa kileimu, kapena kuti pempho la malipiro, ya K1,000,000, 10 peresenti ndi K100,000 yokha, ndiye amadula K150,000.

Mawu akuti "zoyenera kulipidwa" ndi omwe anatithandiza. Zoyenera kulipidwa, averejiyo itadutsa, zinali K3,000,000, ndiye ekisesi ndi K300,000. Pa kalata yawo anadula K400,000, kutanthauza kuti anawerengera pa K4,000,000, ndalama zomwe iwo sankalipira zonse. Zikalata zimasiyana, zina zimanenadi kuti peresenti ikhale ya chiwonongeko chonse, choncho werengani mawu enieni a chanu, musatengere cha mnzanu.

Pansi pake panali mzere wina wa K200,000, ekisesi yoonjezera ya dalaivala wamng'ono kapena wongotenga kumene laisensi. Ma ekisesi otere amaunjikana pamwamba pa yanthawi zonse ija. Koma amene ankayendetsa tsikulo anali alamu eni ake, bambo wa zaka za m'ma 40 wokhala ndi laisensi yakalekale, ndipo lipoti la apolisi linanena zomwezo. Dzina la mwana wawo linali pa chikalata ngati woyendetsa wachiwiri, wina mu ofesi n'kungoganiza kuti ndiye anali pa chiwongolero.

Tsopano masamu onse anaoneka. Iwo: K3,000,000 kuchotsa K400,000 kuchotsanso K200,000, kutsala K2,400,000. Ife: K3,000,000 kuchotsa K300,000, kutsala K2,700,000.

Galimoto ikakhala yosakonzeka

Asesa akanena kuti kukonza kudya ndalama zambiri poyerekeza ndi mtengo wa galimoto, masamu amasintha. Pokhapokha ngati munagwirizana mtengo wokhazikika, amatenga chochepa pakati pa mtengo wa pa msika ndi womwe munaiikira, n'kuchotsa ekisesi. Kwa alamu anga akanayambira pa K12,000,000, osati K16,000,000. Kuiikira mtengo wopitirira sikuthandizanso: galimoto ya K16,000,000 mukaiikira K20,000,000, adzayambirabe pa K16,000,000, ndipo zomwe munkalipira moonjezerazo zapita.

Chenjerani ndi kudula kawiri. Mtengo wa pa msika ndi wa galimoto yakale kale, kutha kwake kuli momwemo, ndiye asadulenso dipulisiyeshoni pamwamba pake. Chigoba chimakhala cha kampani ikakulipirani. Mukafuna kuchisunga amachotsa mtengo wake, ndipo mufunse kuti aupeza bwanji. Ngati galimoto munagula pa ngongole ndipo banki inalembedwa pa chikalata, imayamba kulandira ndi bankiyo, inu mumatenga zotsala.

Musanasaine

Pamodzi ndi kalata ija pamabwera fomu yoti musaine kuti mwalandira zonse ndipo nkhani yatha. Mukasaina, kubwereranso kumavuta kwambiri. Ndikudziwa kuti galimoto ikakhala pa galaja, ana akupita ku sukulu pa kabaza, dzanja limayabwa, komabe dikirani masiku ochepawo.

Lembani kalata yaifupi kwa mkulu woona za makileimu. Tchulani nambala ya chikalata ndi ya kileimu, mzere womwe mukutsutsa, ndime ya m'chikalata yomwe mwatsamira, ndi chiwerengero chanu. Sungani kope lodindidwa tsiku lomwe alandira. Akakana popanda chifukwa chomveka kapena akangokhala chete, pitani ndi mapepala omwewo ku Reserve Bank of Malawi, komwe kuli ofesi yoyang'anira makampani a inshuwalansi ndi kulandira madandaulo a makasitomala awo.

Alamu anga sanafike kumeneko. Kalata yathu inali ya mizere isanu ndi umodzi, tinaphatikizapo fotokope ya laisensi yawo ndi lipoti la apolisi, ndipo kalata yachiwiri inabwera ndi K2,700,000. Zotsala za ku galaja anazipeza pogulitsa soya. Tsiku lokatenga galimoto anadutsira ku ofesi ya inshuwalansi kukakweza mtengo pa chikalata kufika pa K16,000,000.