Kukonza sewero la filimu ndi Fountain

Ngati sewero lanu la filimu munalilemba ngati nthano, musavutike kukankha mizere ndi spesibala. Lilembeni m'kalembedwe ka Fountain, komwe ndi kulemba mawu wamba motsata malamulo ochepa, ndipo pulogalamu yowerenga Fountain idzaliyala yokha.

Tiyerekeze munalemba kuti: Kutada, mayi analowa m'khitchini nafunsa monong'ona kuti ufa uli kuti. Chisanduke chonchi:

```
INT. KHITCHINI - USIKU

Mayi akulowa, akuvundukula chidebe.

MAYI
(monong'ona)
Ufa uja uli kuti?
```

INT. ndi zochitika m'kati, EXT. ndi zapanja. Malo kapena nthawi zikasintha, yambani mutu wina ngati mzere woyambawo. Onaninso kuti "analowa" wasanduka "akulowa", chifukwa timalemba zomwe kamera ikuona panopa. Zamumtima mwa mayi kamera siziona, ndiye zichotseni kapena azinene pakamwa.

Pomwe ambiri amapunthwa ndi pa dzina la wolankhula. Likhale m'zilembo zikuluzikulu, pamwamba pake mzere wopanda kanthu, koma mawu olankhulidwa atsatire pompo. Mukadumpha mzere pamenepo, mu PDF mawuwo adzayambira kumanzere kwenikweni ngati zochitika, osalowa m'kati.

Zilembo zikhale za mtundu wa Courier, saizi 12. Mukatero tsamba limodzi limatenga pafupifupi mphindi imodzi pa kanema.