Momwe mungatanthauzire timizere tobwereza m'mabuku akale a ndalama powataipa pakompyuta

M'mabuku a sitolo, a malipiro a pa esiteti ndi m'makaundula a ubatizo olembedwa pamanja, kalaliki sankabwereza kulemba mawu omwe walemba kale pamzere wapamwamba. Ankangoika timizere tiwiri tating'ono (〃), kapena kulemba "do.", kapena kukoka mzere wautali wokhala ndi timizere tiwiri pakati. Chizindikiro chimenechi, dito, chimatanthauza kuti werengani zomwe zili pamwamba panga. Papepala sichivuta, chifukwa mizere sisuntha. Pakompyuta mizere imasuntha: mukangosanja mayina motsatira afabeti, dito aliyense amayamba kuloza mzere wa munthu wina. Choncho dito aliyense ayenera kusanduka mawu kapena nambala yeniyeni musanasanje chilichonse, ndipo pakhale njira yodziwira kuti munadzaza ndinu.

Yambani ndi kuphunzira dzanja la kalaliki

Musanataipe, werengani masamba asanu kapena khumi ndipo mulembe papepala zizindikiro zonse zomwe akugwiritsa ntchito. Pali zitatu zomwe zimasokonezedwa. Dito amabwereza zapamwamba. Kamzere kogona (–) m'kolamu ya ndalama nthawi zambiri kamatanthauza ziro, monga mu 10/- amene ndi masheleni 10 opanda mapeni. Ndiye pali tiki. Makalaliki ena ankachonga m'malo moika dito, koma tiki wambiri m'mabuku a ndalama ndi wa munthu amene anabwera pambuyo pake kudzafufuza ngati ziwerengero zikugwirizana. Kuti muwasiyanitse yang'anani malo ndi inki. Tiki wa wofufuza amakhala pambali pa nambala yomwe yalembedwa kale, kawirikawiri ndi pensulo kapena inki ya mtundu wina. Tiki wobwereza amakhala yekha pakati pa bokosi lopanda kanthu, ndipo inki yake ndi yomwe yalembera mzere wonsewo. Dzanja likasintha pakati pa buku, bwerezaninso ntchitoyi, poti kalaliki watsopano amabwera ndi chizolowezi chake.

Onani dito aliyense kuti waima pansi pa chiyani

Apa ndi pomwe ambiri amalakwitsa. Dito sabwereza bokosi lonse nthawi zonse. Amabwereza liwu lomwe waima pansi pake. Tiyerekeze tsamba la buku la ngongole la sitolo, la chaka cha 1968, dziko lino lisanasinthe ndalama kupita ku kwacha ndi tambala mu 1971. Ndalama zili m'makolamu atatu: mapaundi, masheleni ndi mapeni.

```
Mar 4   Phiri J.   chimanga thumba 1   1   5   –
 〃 〃    〃   M.      〃       〃   2   2  10   –
 〃 6   Banda L.   mchere              –   7   6
 〃 〃    〃   〃    sopo                –   〃   〃
                                       4  10   –
```

Pamzere wachiwiri dito wa dzina ali pansi pa "Phiri" pokha, ndipo pambali pake pali M. Uyu ndi munthu wina, Phiri M., osati Phiri J. Mukadzaza bokosi lonse kuchokera pamwamba, mwasenzetsa munthu mmodzi ngongole ya anthu awiri. Pamzere wachitatu mwezi wabwerezedwa koma tsiku lasintha kukhala 6, ndiye dito wa pamzere wachinayi akuloza 6, osati 4. Lamulo lake ndi lakuti kwerani molunjika m'kolamuyo mpaka mupeze mawu oyamba olembedwa ndi dzanja.

Tsopano ndalama za sopo. Timizere tiwiri toimirira timafanana kwambiri ndi 11, makamaka inki ikafufuma. Musaganizire, phatikizani. Mapeni 12 amapanga sheleni imodzi, masheleni 20 amapanga paundi imodzi, choncho paundi ndi mapeni 240. Mizere itatu yoyamba ikupereka mapeni 300, 600 ndi 90. Ngati sopo ndi dito, ndi mapeni 90 enanso, zonse pamodzi 1,080, amene ndi mapaundi 4 ndi masheleni 10, ndendende zomwe kalaliki analemba pansi. Mukawerenga ngati masheleni 11 ndi mapeni 11, mupeza mapaundi 4, masheleni 14 ndi mapeni 5. Mukasiya bokosilo lopanda kanthu, mupeza mapaundi 4, masheleni 2 ndi mapeni 6. Chiwerengero cha pansi pa tsamba ndiye mboni yanu, ndipo tsamba lililonse liyesedwe motero musanapite lotsatira.

Taipani kawiri: zomwe mukuona, ndi zomwe zikutanthauza

Mu Excel ikani kolamu yoyamba ya nambala ya tsamba ndi mzere, monga 014-01, 014-02, ndi ziro kutsogolo kuti manambala onse atalike mofanana, ndipo muisankhire mtundu wa Text musanalembe kuti kompyuta isazisandutse madeti. Kolamu imeneyi ndi yomwe idzakubwezereni mizere m'malo mwake ikasokonezeka. Gawani mabokosi monga kalaliki ankagawira madito ake: mwezi payokha, tsiku payokha, dzina la bambo payokha, dzina loyamba payokha. Mukatero dito wa theka la bokosi sakhalaponso.

M'kolamu ya zomwe mukuona, lembani do paliponse pamene pali dito, 0 pamene kamzere kogona kakuimira ziro, ndi [palibe] pamene kalaliki sanalembe kanthu. Pambali pake tsegulani kolamu yodzaza. Ngati dzina lili mu D, lembani =D2 mu E2, kenako mu E3 lembani izi ndi kuzikokera pansi:

```
=IF(D3="do",E2,D3)
```

Fomulayi ikuloza E2 osati D2, n'chifukwa chake madito otsatizana, ngakhale akhale makumi awiri, onse amatenga dzina lolondola. Mukamaliza, koperani kolamu E n'kuimata pomwepo ndi Paste Special, Values. Mukaiwala zimenezi, tsiku lomwe mudzasanje mizere fomula idzawerenga mzere wapamwamba watsopano ndipo mayina adzasintha popanda chenjezo lililonse.

Pali njira yachidule yomwe ambiri amaikonda: kusiya mabokosi a dito opanda kanthu, kusankha Go To Special, Blanks, kulemba fomula yoloza bokosi lapamwamba n'kudina Ctrl+Enter. Ndi yachangu, koma pa mabuku akale sitiilimbikitsa. Imadzaza bokosi lililonse lopanda kanthu, ngakhale lomwe kalaliki analisiya dala. M'kaundula wa ubatizo, mwana amene dzina la bambo wake silinalembedwe angapatsidwe bambo wa mwana wa pamzere wapamwamba, ndipo patapita zaka mdzukulu wofufuza mbiri ya kwawo adzakhulupirira zimenezo.

Malo amene fomula singakuthandizeni

Dito wa pamzere woyamba wa tsamba amaloza mzere womaliza wa tsamba lapitalo, koma mudumphe mizere ya c/f ndi b/f yomwe imangosamutsa chiwerengero kuchoka tsamba lina kupita lina. Onaninso manambala a masamba: ngati tsamba lina linathothoka, zomwe dito akubwereza zinapita nalo, ndiye lembani [tsamba lasowa] m'malo motenga zomwe zili pafupi.

Mzere wokhwatchidwa umafuna maso. Ngati kalaliki analakwitsa dzina, n'kulikhwatcha ndi kulemba lina pamwamba pake ndi inki yomweyo, madito apansi akutsata lokonzedwalo. Ngati kukhwatchako kunachitika pambuyo pake ndi inki ina, madito analembedwa dzina lakale likadalipo, ndipo mwina akuloza lomwelo. Chimodzimodzi mzere wopanikizidwa pakati pa iwiri ndi zilembo zing'onozing'ono: unalowetsedwa madito atalembedwa kale, choncho dito wa pansi pake akuloza mzere wa pamwamba pa wolowetsedwawo. Pamalo oterewa fufutani fomula, lembani yankho pamanja m'mabulaketi a makona, ndipo m'kolamu ya ndemanga fotokozani chifukwa chake, mwachitsanzo "mzere 014-07 unalowetsedwa ndi inki yabuluu, dito akuloza 014-06". Wina wodzayang'ana ntchito yanu atsegule chithunzi cha tsambalo n'kuona yekha ngati akugwirizana nanu.