Mpunga wogona usiku: momwe mungadziwire wofunditsa ndi wotaya

Kuno ku Nkhotakota ndi kwa anzathu a ku Salima mpunga si chakudya cha pa Khirisimasi pokha. Timalima tokha ku Bua ndi ku Lifuwu, timaphika wambiri, ndipo ukatsala sitiutaya. M'mawa timauthira timadzi, kuuika pa mbaula mpaka utatuluka nthunzi, ana n'kudya asanapite kusukulu. Lamulo lomwe ambiri tinakula nalo ndi lakuti chakudya chikawira bwino, matenda onse afa. Lamuloli ndi loona pa zinthu zambiri, monga madzi akumwa nthawi ya kolera. Pa mpunga womwe wagona panja pa furiji m'nyengo yotentha, limatinamiza.

Mu dothi ndi m'fumbi mumakhala bakiteriya wotchedwa Basilasi seriyasi. Zinthu zikamuvuta amadzitsekera m'timbewu ta chikopa cholimba, tosaoneka ndi maso, ndipo timbewuti timapezeka pa mpunga wosaphika ngakhale mutaupeta ndi kuutsuka bwino. Madzi owira amapha mabakiteriya ena ambiri m'poto, koma timbewuti timapulumuka. Mpunga ukaphulidwa n'kuyamba kuzizira, timadzuka n'kuyamba kuswana, ndipo mpikisano ndi wochepa chifukwa anzake ambiri anafa ndi moto. Akachuluka, mitundu ina ya bakiteriyayu imatulutsa poizoni wotchedwa seriyulayidi m'mpungamo.

Poizoniyo ndiye vuto. Si chamoyo choti n'kufa. Amapirira kutentha kwa madigiri 121 kwa mphindi 90, pomwe madzi a m'poto mwanu amawira pa madigiri 100 ndipo sapitirira pamenepo ngakhale musonkhezere nkhuni zochuluka bwanji. Mukafunditsa mpunga woterewu mumaphadi mabakiteriya, koma zili ngati kupha njoka itakulumani kale: ululu wake uli m'thupi. Choipa china n'chakuti poizoniyu sanunkha, sawawasa, sasintha mtundu wa mpunga. Mphuno ndi lilime, zomwe timadalira podziwa ndiwo zosasa, pano sizikuthandizani. Chomwe chingakuthandizeni ndi wotchi.

Choyamba: werengani maola, osati fungo

Mukafika pa poto wa mpunga wotsala, dzifunseni kuti unaphulidwa nthawi yanji, ndipo kuchokera pamenepo wakhala pati. Mabakiteriya amaswana chakudya chikakhala pakati pa madigiri 5 ndi 60. Bungwe Loona za Umoyo Padziko Lonse limalangiza kuti chakudya chophika chisakhale pamtunda kupitirira maola awiri. Kukatentha kupitirira madigiri 32, monga zimakhalira kunyanja kuno mu Okotobala ndi Novembala, akatswiri a zakudya amachepetsa nthawiyo kufika ola limodzi.

Tiyeni titsate poto mmodzi. Pakhomo panali alendo, mayi aphula mpunga wa Kilombero 7 koloko madzulo. Anthu adya, theka latsala. Mayi avundikira poto n'kumuika patebulo kukhitchini ya malata. Poto wodzaza wovundikira amasunga kutentha, ndiye mwina pofika 9 koloko m'pamene mpunga watsika pansi pa madigiri 60. Kuyambira pamenepo mpaka 6 koloko m'mawa ndi maola 9, ndipo usiku wonse mpungawo uli wofunda, wonyowa, pa kutentha komwe bakiteriyayu amakonda kwambiri, kwa madigiri 30 ndi kupitirirako pang'ono. Pa kutentha kotere akhoza kuwirikiza kawiri pa theka la ola lililonse. Ngakhale titachotsapo maola awiri oti timbewu tidzuke, m'maola 7 otsalawo awirikiza ka 14, kutanthauza kuti mmodzi wasanduka oposa 16,000. Ngati pa galamu imodzi ya mpunga panali timbewu 10 tokha, pofika m'mawa pali oposa 160,000. Poizoni amayamba kudetsa nkhawa chiwerengero chikafika cha m'ma 100,000 pa galamu. Mpungawo ukuonekabe woyera, ukununkhirabe Kilombero. Mayi akaukazinga ndi mafuta ndi anyezi, fungo limakoma kuposa dzulo, koma poizoni ngati analimo sanapite kulikonse.

Wina anena kuti, "Ife takula ndi mkute, sitinafe." Akunena zoona. Si mtundu uliwonse wa bakiteriyayu womwe umapanga poizoni, ndipo si poto aliyense amene amagwidwa. Komanso kangati mwana wasanza cha m'ma 9 koloko kusukulu ife n'kumati ndi malungo kapena wadya mango osapsa? Vuto n'lakuti poto woipa ndi wabwino amaoneka chimodzimodzi, ndiye simungasankhe.

Chachiwiri: ngati muli ndi furiji, ziziritsani msanga

Ambiri amalakwitsa apa chifukwa choopa kuononga furiji ndi chakudya chotentha, ndiye amasiya poto panja mpaka nthawi yogona, mwinanso kuiwala. Musadikire kuti anthu amalize kudya ndi kucheza. Mukangopakula, womwe mukuona kuti utsala uchotseni m'poto, muuyale pa thireyi kapena m'mbale zazikulu zosazama, muyezo wake usapitirire zala ziwiri kapena zitatu. Woyalidwa chonchi umataya nthunzi mwamsanga. Ngati mukufuna changu, khazikani mbaleyo m'beseni la madzi ozizira n'kumatembenuza ndi supuni yoyera. Cholinga n'chakuti ulowe m'furiji pasanathe ola limodzi chiuphulireni. Vundikirani pokhapokha nthunzi itatha.

M'furiji ukhale tsiku limodzi, osapitirira. Pofunditsa, utenthe mpaka pakati penipeni, nthunzi izituluka paliponse mukatembenuza, ndipo mufunditse kamodzi kokha. Wotsalanso pamenepo ndi wa kudzala. Kufunditsa kuli ndi ntchito yake: kumapha mabakiteriya omwe akanakaswana m'matumbo n'kuyambitsa kutsegula m'mimba. Chomwe sikungathe ndi kuchotsa poizoni wopangika kale.

Magetsi akazima, furiji yosatsegulatsegula imasunga kuzizira pafupifupi maola 4. Akazima usiku wonse, mpunga wa m'menemo muuwerengere ngati wagona patebulo kuyambira pamene furiji inafunda.

Chachitatu: ngati furiji mulibe

Awa ndiye makomo ambiri, ndipo malangizo ongonena za furiji sawathandiza. Njira yodalirika ndi kuphika woti uthe. Kapu imodzi ya mpunga wosaphika imatulutsa pafupifupi makapu atatu wophika, omwe amakwanira akuluakulu awiri. Ngati mukufuna ana adye mpunga m'mawa, ndi bwino kupatula wosaphika madzulo n'kuuphika m'mawamo. Mphindi 20 zakwana. Makala omwe mukanafunditsira mkute sasiyana kwenikweni ndi ophikira watsopano.

Njira ina ndi kuusunga wotentha. Wina akachedwa, mwina bambo ali kunyanja kapena ali paulendo wochokera ku Lilongwe, musawapakulire m'mbale n'kuvundikira patebulo. Siyani gawo lawo m'poto pa mbaula ya makala ochepa, muthiremo timadzi kuti usapserere, ndipo uzitulutsabe nthunzi mukavundukula. Pamwamba pa madigiri 60 timbewu tija sitidzuka. Koma makala akazima, wotchi yayamba.

Chenjerani ndi mbale zosunga kutentha zija timapakuliramo pa zinkhoswe ndi maukwati. Zimagwira ntchito kwa maola ochepa chabe, kenako mpunga umakhala wofunda osati wotentha, ndipo zikatero mbaleyo imausunga nthawi yaitali pa kutentha koopsa kuja. Yesani ndi supuni yoyera kuchokera pakati: ngati mungathe kuudya osauzira, watsika kale. Kwa ine chakudya choopsa kwambiri pa mwambo si nyama ayi, ndi mpunga womwe amayi anaphula m'mamawa m'miphika ikuluikulu, anthu n'kudya masana dzuwa litapendeka, wotsala n'kugawana m'majumbo kuti akafunditse kunyumba. Pokonza mwambo gawani ophika m'magulu, mpunga uziphikidwa pomalizira ndiponso m'maulendo angapo, kuti mphika uliwonse uchoke pamoto kupita m'mbale za anthu. Chimodzimodzi a malesitilanti a pamsika: mpunga wadzulo wosakaniza ndi walero umaononga wonse.

Zonsezi zikukhudzanso supageti, mbatata yophika ndi phala, makamaka la mwana lomwe limaphikidwa m'mawa kuti azimwa tsiku lonse. Mu 2008 ku Belgium, mnyamata wa zaka 20 anamwalira atadya supageti yomwe inakhala masiku asanu panja pa furiji. Anaifunditsa asanadye. Imfa zotere n'zosowa, koma poizoniyu akachuluka amaononga chiwindi.

Chachinayi: manja akamalowa m'chakudya chophika

Pali bakiteriya wina, Sitafilokokasi, amene amakhala m'mphuno ndi pakhungu la anthu ambiri athanzi, komanso m'zilonda ndi zithupsa. Iyeyu moto umamupha, ndiye amalowa chakudya chitapsa kale: pogawa nkhuku ndi manja, posenda mazira owiritsa, polawa ndi chala. Chakudyacho chikakhala pofunda kwa maola angapo naye amapanga poizoni yemwe amapirira kuwira ngakhale kwa mphindi 30. Gawani ndi chipande kapena supuni, ndipo wa chilonda pachala apatsidwe ntchito ina monga kutunga madzi kapena kuwaza nkhuni.

Chachisanu: ngati wina wadya kale

Poizoni wopangika kale m'chakudya amadziwika ndi changu chake. Nseru ndi kusanza zimayamba pakati pa mphindi 30 ndi maola 6 chidyereni, kawirikawiri popanda kutentha thupi, ndipo nthawi zambiri zimagwira anthu angapo omwe adya m'poto mmodzi. Ambiri amachira pasanathe tsiku. Chotsani chakudya chotsalacho pompo kuti wina asadyenso, ndipo musachiwiritsenso poganiza kuti poyamba sichinapse.

Musathamangire makapisozi kugolosale. Mankhwala opha mabakiteriya sachita kanthu pa poizoni. Chofunika ndi kubwezeretsa madzi m'thupi. Sungunulani paketi ya Thanzi m'madzi owiritsa kapena othira kolorini, muyezo wake monga walembedwera papaketipo, wodwala azimwa pang'onopang'ono. Akasanza, dikirani mphindi 10 n'kuyambiranso ndi supuni. Mwana woyamwa apitirize kuyamwa.

Pitani kuchipatala osadikira ngati wodwalayo ndi mwana wamng'ono, mayi woyembekezera, gogo kapena munthu wodwala kale. Ngati chilichonse chomwe wamwa chikubwerera. Ngati wasiya kukodza, maso alowa m'kati kapena achita chikasu, kapena wafooka mwakuti sakudzuka bwino. Thupi likatentha, akayezedwe malungo. Ndipo akayamba kutsegula m'mimba kwambiri, chimbudzi chamadzi chotuwa ngati madzi otsukira mpunga, musaganizenso za mkute: kunyanja kuno chimenecho chikhoza kukhala kolera, ndipo wodwalayo azimwa Thanzi ali m'njira yopita kuchipatala.