Mmene tinathetsera mkangano wa phindu pa shopu yathu pa Kamuzu Road

Ine ndi achimwene tili ndi shopu limodzi kuno ku Salima, ine ndinaika kapito ya K3,000,000 iwo K1,000,000 koma tsiku lonse pa kauntala amakhala ndi iwowo. Chaka chatha phindu linali K1,600,000, ine nkumati tigawane 3 kwa 1, iwo akuti ayi pakati ndi pakati, mpaka tinasiya kulonjerana.

Ndinaona kuti vuto nloti timafuna reshiyo imodzi ilipire ndalama komanso thukuta. Ndiye tinakhala pansi nkulemba pangano. Intelesiti pa kapito 10 pelesenti, ine K300,000 iwo K100,000. Salale yawo K600,000 pachaka. Zonsezi ndi K1,000,000, yotsala K600,000 ndi imene tinagawana pakati, aliyense K300,000. Ine ndinapeza K600,000 iwo K1,000,000, ndipo sindinadandaule, amadzuka mbandakucha anthu aja.

Cholakwa china chinali changa, salale ija ndinayamba ndaiika pamodzi ndi lendi ndi malipiro a mnyamata wothandiza, pamene salale ya mwini bizinesi imachotsedwa pogawa phindu basi.

Kenako ndinagula kope, aliyense tsamba lake la karenti akaunti, kapito osaikhudza. Kumanja zomwe wapeza, kumanzere zomwe watapa, ngakhale paketi ya shuga. Achimwene anali atatapa K1,100,000, ndiye akaunti yawo inaonetsa ngongole ya K100,000 ku shopu, anavomera kuti tidzaidula pa gawo lawo chaka chino.